Kapaipi ka pansi pa sinki kamachenjeza kasanaphulike

M'nyumba zambiri za m'tauni, mukagwada n'kusuzumira pansi pa sinki mupeza timapaipi tiwiri tonyezimira, tolukidwa ndi timawaya tasiliva, tochoka kukhoma kupita ku mpope. Tina tiwiri tili pansi pa beseni la kubafa, ndipo kena kali kuseri kwa chimbudzi, kolowetsa madzi m'kathanki kogejemulira. Mapulambala amati mafulekisi. Amawakonda chifukwa amapindika: palibe kudula paipi, palibe kuwotcherera, ungomanga manati awiri ntchito yatha. Eni nyumba nawo sadandaula, popeza mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi china chilichonse cha m'bafamo.

Vuto ndi loti mwa zipangizo zonse zimene zimanyamula madzi m'nyumba, fulekisi ndiyo yokhala ndi moyo waufupi kwambiri, komanso ndiyo imene palibe amaiyang'ana. Paipi ya kopa yokwiriridwa m'khoma ikhoza kukhala zaka makumi angapo. Fulekisi siifikako. Ndipo ikamafa, nthawi zambiri siyamba ndi kudontha pang'onopang'ono kuti mutchere beseni. Imang'ambika kamodzi n'kamodzi, madzi n'kumatuluka mwamphamvu mpaka wina atatseka.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudziwa zimene zili m'kati. Madzi amadutsa m'kachubu ka labala wakuda, amene m'mafakitale amamulemba kuti EPDM. Mafulekisi ena atsopano ali ndi kachubu ka pulasitiki ya PEX m'malo mwa labala. Kunja kwa kachubuko ndi kumene kuli timawaya tolukana tija, ndipo kumapeto konse kuwiri kuli kachitsulo kofinyidwa ndi makina kamene kamagwira labala, mawaya ndi nati pamodzi. Anthu ambiri amaganiza kuti mawayawo ndi okongoletsa kapena oteteza labala ku makoswe. Ayi ndithu, ndiwo amasenza mphamvu ya madzi. Zili ngati chubu ndi tayala la njinga: chubu chimasunga mpweya, koma chimene chimaletsa chubucho kufufuma ndi tayala. Tayala likang'ambika pambali, chubu chimatuluka chotupa pamenepo, ndipo aliyense wokwera njinga amadziwa chimene chimatsatira. Fulekisi imafanso chimodzimodzi. Mawaya akaduka pamalo amodzi, labala amatupira pa mpatawo, amapyapyala, kenako amaphulika.

Choncho funso loti fulekisi imakhala zaka zingati kwenikweni ndi funso loti mawaya ake akhala zaka zingati. Opanga ambiri ndi mapulambala amatchula zaka zapakati pa 5 ndi 10, ndipo kumaiko kumene nkhaniyi amaitenga mozama amalangiza kusintha pakatha zaka 5 ngakhale ikuoneka bwino. Chiwerengerochi ndi chongothandiza kukumbukira. Fulekisi yabwino, yomangidwa bwino, ya madzi ozizira, pamalo ouma, ikhoza kupyola zaka 10 popanda chovuta. Yotchipa, yopotoka, ya madzi otentha, yokhala pafupi ndi botolo la jiki, ikhoza kuphulika isanathe zaka ziwiri.

Dziko limene nkhaniyi inawerengedwa bwino ndi la Australia, chifukwa kumeneko nyumba zambiri zili pa inshulansi ndipo makampani amasunga ziwerengero za zomwe alipira. Kampani ya inshulansi ya IAG inapeza kuti mu 2016, pa madandaulo 100 alionse a nyumba zoonongeka ndi madzi, 22 anali ochokera ku mafulekisi ophulika. Kuno kwathu nyumba zambiri zili ndi simenti kapena matailosi pansi, osati matabwa ndi makapeti monga kumeneko, ndiye madzi saononga mofanana. Komabe kabati ya m'khitchini ya matabwa opanikiza aja ikamwa madzi imafufuma osabwereranso, ndipo amene amakhala m'nyumba zosanja amadziwa kuti madzi a m'mwamba amakagwetsa siling'i ya mnzako wapansi.

Chimene chimadya mawaya

Mawaya a fulekisi yabwino ndi a chitsulo chosachita dzimbiri, kawirikawiri cha mtundu wolembedwa 304. Chitsulochi sichichita dzimbiri chifukwa pamwamba pake pamapangika kakhungu kopyapyala kosaoneka ndi maso, kamene kamatchinga mpweya ndi chinyezi. Mdani wamkulu wa kakhungu kameneka ndi kolorini ndi mchere. Zikakafika pa chitsulocho, zimaboola timaenje ting'onoting'ono, ndipo pamene waya ndi wokokeka, timaenjeto timasanduka ming'alu. Pa mphika kapena pa sinki yeniyeniyo, kaenje koteroko sikaoneka n'komwe. Koma kawaya ka fulekisi n'kowonda kwambiri, gawo laling'ono chabe la milimita imodzi, moti kaenje kamodzi n'kokwanira kukadula.

Tsopano taganizirani zimene timasunga pansi pa sinki. Jiki, sopo wa ufa, mankhwala otsukira chimbudzi, ena mpaka kolorini wa ufa wothira m'madzi akumwa nthawi ya kolera. Botolo silichita kufunika kukhudza paipi. Chivindikiro chikangokhala chosatsekeka bwino, mpweya wa mankhwalawo umadzaza m'kabati yotseka. Paipi ya madzi ozizira imachita thukuta, makamaka nyengo ya mvula, ndipo mpweya uja umasungunukira m'thukutalo n'kukhazikika m'mipata ya mawaya olukana, momwe simuuma msanga. Kuchimbudzi nako n'chimodzimodzi: wokolopa amathira madzi a jiki pansi, amawazikira pa fulekisi ya kathanki, n'kuuma pomwepo, mawa lake chimodzimodzi. Nyumba yaukhondo kwambiri nthawi zina ndiyo imadya mafulekisi msanga.

Chachiwiri ndi kutentha. Labala amakalamba msanga m'madzi otentha: amauma, amachita ming'alu, nthawi zina amanyenyeka m'kati. Kutentha kumafulumizitsanso kudyeka kwa mawaya kuja. N'chifukwa chake pa timapaipi tiwiri ta pa sinki, kamene kamayamba kufa nthawi zambiri ndi ka madzi otentha, ka mzere wofiira. Muyezo wa ku Ulaya wa mapaipi amenewa, EN 13618, umanena za madzi osapitirira madigiri 70 ndi pulesha yosapitirira mabaa 10. Giza ya magetsi yoyenda bwino imasunga madzi pa madigiri 60 kapena chapompo, ndiye palibe vuto. Koma giza ya sola masana a mwezi wa Okutobala imatha kutenthetsa madzi mpaka kutsala pang'ono kuwira, ndipo ngati palibe valavu yosakaniza ndi ozizira, madzi amenewo amafika pa fulekisi momwemo.

Chachitatu ndi pulesha, ndipo apa nyumba zimasiyana kwambiri. Lamulo lake ndi losavuta: mamita 10 alionse a kutalika kwa madzi amapereka baa imodzi. Nyumba imene imamwa madzi a m'thanki yokwezedwa pa nsanja ya mamita 6 ili ndi pulesha yongopitirira pang'ono theka la baa, ndipo mafulekisi ake amakhala pa mtendere. Nyumba yolumikizidwa mwachindunji ku paipi ya bodi ndi nkhani ina. Mumzinda wa mapiri ngati Blantyre, kumene madzi amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry mumtsinje wa Shire n'kusungidwa m'mathanki a pamtunda, nyumba imene ili mamita 50 kumunsi kwa inzake ikhoza kulandira mabaa 5 oonjezera ngati panjira palibe chochepetsa. Amene ali pamwamba amadandaula kuti madzi sakwera. Amene ali kuchigwa amasangalala kuti shawa yawo ndi yamphamvu, osadziwa kuti mphamvu yomweyo ikukankha fulekisi usana ndi usiku. Ku Australia malamulo a zomangamanga salola pulesha yopitirira mabaa 5 m'kati mwa nyumba, ndipo ku South Africa malire ake ndi mabaa 6. Oposa pamenepo amaika valavu yochepetsa pulesha pafupi ndi mita.

Pulesha imakwera usiku, anthu onse akatseka mipope. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mafulekisi ambiri amaphulikira m'bandakucha, nthawi imene palibe womva. Palinso kugunda kuja kumene mumamva m'khoma mukatseka mpope mwadzidzidzi, kapena makina ochapira akadula madzi. Madzi othamanga akaimitsidwa kamodzi n'kamodzi amamenya paipi ndi mphamvu yoposa ya nthawi zonse, ndipo fulekisi mumaiona ikudumpha. Kwa ife amene madzi amasiya n'kubweranso, kumenyaku kumachuluka. M'mapaipi opanda madzi mumadzaza mpweya, ndipo madzi akamabwerera amaukankha, mpope n'kumatsokomola ndi kulavula. Nzeru yake ndi yoti madzi akabwera muyambe mwatsegula mpope wa panja pang'onopang'ono, mpweya ndi matope zitulukire kumeneko, kenako muzitsegula ya m'nyumba.

Pali mafulekisi enanso amene amayamba kufa tsiku lomwe amangidwa. Yaifupi kwambiri, yochita kukokedwa kuti ifike, imakhala ikuzuka pa kachitsulo kofinya kaja moyo wake wonse. Yopindidwa mwamphamvu pafupi ndi nati imathyola mawaya a kunja kwa kona. Yopotoka, chifukwa womanga anazunguza paipi yonse pomanga nati, imamasula luko lake. Kupotoka n'kosavuta kuona: mzere wofiira kapena wabuluu wolukidwa m'mawayamo uyenera kuyenda mowongoka, ndipo ukamazungulira paipi ndiye kuti yapotoka.

Mmene mungaiyendere

Ntchitoyi imafuna tochi ya pa foni, kansalu kouma ndi mphindi zochepa, kawiri pa chaka. Chotsani zonse za m'kabati kuti muone paipi yonse, kuyambira kukhoma mpaka kumene yalowa mu mpope. Mbali yoyang'ana kukhoma ndi ya pamwamba penipeni kuseri kwa sinki ndizo zimabisa zambiri, ndiye muunike kumeneko, ngakhale kujambula ndi foni ngati mutu sukulowa.

Choyamba kuyang'ana ndi mtundu. Fulekisi yamoyo imanyezimira mofanana ponseponse. Timadontho tofiirira kapena takuda pa mawaya ndi dzimbiri, ndipo apa mpamene anthu ambiri amalakwitsa. Tinazolowera kuti dzimbiri la pa geti kapena pa malata ndi chiyambi chabe, chitsulo chikadali ndi zaka. Pa kawaya kowonda chotere, dzimbiri looneka ndi maso limatanthauza kuti kudyeka kwalowa kale m'kati. Kulipukuta ndi sitiliwulu kumangochotsa umboni. Fulekisi yadzimbiri ndi yosintha sabata yomweyo.

Kenako yendetsani kansalu kaja pang'onopang'ono kuchokera kumwamba mpaka pansi. Musagwiritse chala, timawaya toduka timabaya ngati singano. Kansalu kakakodwa penapake, pamenepo pali waya woduka. Mmodzi akaduka, katundu wake amasenza anzake oyandikana nawo, amene nawonso ndi odyeka kale, ndiye kuduka kumafulumira. Mukaona luko litatseguka mpaka labala wakuda akuonekera, kapena paipi yatupa pamalo amodzi, musadikire n'komwe kuti kuche. Tsekani valavu ya pakhoma nthawi yomweyo, mpope umenewo usagwire ntchito mpaka mutasintha.

Onaninso ngati kansaluko kanyowa. Thukuta la paipi yozizira limakhala paipi yonse, pamene kuchucha kumayambira malo amodzi. Ngati madzi akuchokera pa mazinga a nati, mwina ndi washala chabe amene watha, ndipo kusintha washalayo kumathetsa nkhani. Koma ngati akuchokera pa kachitsulo kofinya, pamene mawaya alowera, palibe chomanga kapena chomata, fulekisi yatha. Zoyerayera kapena zobiriwira zouma pa nati zimasonyeza kuti pakhala pakuchucha kwa nthawi ndithu ngakhale lero pali pouma.

Zizindikiro zina zimaonekera ku mpope. Timadontho takuda m'madzi, tomwe mukatifikisa pa chala timasiya uthimbi, ndi labala amene akunyenyeka m'kati. Madzi akachepa mphamvu pa mpope umodzi wokha, kasefa ka kukamwa kwa mpope mwatsuka koma osasintha, mwina kachubu kafwafwanizika kapena paipi yapindika.

Tinene chilungamo: kuyendera kotere kumagwira zambiri, koma osati zonse. Nati ya chitsulo chosalimba ikhoza kuthetheka popanda chenjezo, ndipo labala wokalamba saonekera kunja. N'chifukwa chake zaka zimawerengedwabe. Mafulekisi ena amadindidwa chaka chimene anapangidwa pa kachitsulo kofinya kaja. Ngati mwalowa nyumba ya lendi kapena mwagula nyumba ndipo palibe amene akudziwa kuti anaikidwa liti, atengeni ngati okalamba.

Tiyerekeze nyumba ya lendi kumunsi kwa phiri, yopanda thanki, madzi ochokera ku mita mwachindunji. Mpope wa m'khitchini unaikidwa zaka 6 zapitazo pamodzi ndi mafulekisi amene unabwera nawo m'katoni. Ya madzi otentha inali yaifupi pang'ono, ndiye pulambala anaipinda pafupi ndi nati kuti ifike. Pansi pake pakhala botolo la jiki zaka zonsezi. Chaka chachinayi, pakona paja panayamba kufiirira. Chaka chachisanu, mayi wa m'nyumbamo anabayidwa chala potenga sopo, naganiza kuti ndi kachidutswa ka sitiliwulu. Miyezi ingapo pambuyo pake panatuluka kotupa kakang'ono ngati nyemba, kuseri, koyang'ana kukhoma. Lachisanu lina banja lonse lapita ku maliro kumudzi, ndipo usiku womwewo, pulesha itakwera, kotupa kaja kang'ambika.

Tiwerengere. Paipi yotere pa pulesha yabwino ikhoza kutulutsa malita 20 pa mphindi. Pa ola limodzi ndi malita 1,200. Ngati woyandikana nawo waona madzi akutuluka pansi pa chitseko patatha maola 8, atayika ndi malita 9,600, kapena kuti migolo 48 ya malita 200. Akabwera okha Lamlungu madzulo, patatha maola 40, ndi malita 48,000. Onsewo adutsa pa mita, ndipo bilu ndi yawo. A mita yolipiriratu angopeza mayunitsi atha, komwe n'kupulumuka kwake. Popeza yaphulika ndi ya madzi otentha, giza yakhala ikulandira madzi ozizira osalekeza n'kumayaka osapuma, ndiye magetsi nawo apita. Kenako pamabwera mkangano wa alendi ndi eni nyumba woti alipire kabati ndani, pamene zizindikiro zinaoneka katatu pa zaka ziwiri. Alendi akaona dzimbiri, ajambule chithunzi n'kutumizira eni nyumba tsiku lomwelo. Uthenga wa pa foni umakhala umboni.

Mukaipeza itaphulika kale, madzi ali thapwi pansi, yambani mwazimitsa magetsi pa bokosi lalikulu ngati mungafikepo osaponda m'madzi, chifukwa m'khitchini muli masoketi ndi mawaya a firiji. Kenako tsekani madzi pa mita.

Kugula ndi kumanga

Kusintha fulekisi si ntchito yofuna sukulu. Tsekani kavalavu ka pakhoma, kapena sitopukoko ya pa mita ngati palibe, ndipo ngati ndi ya madzi otentha zimitsani giza. Tsegulani mpope kuti pulesha ithe, ikani beseni pansi, masulani. Yakaleyo pitani nayo ku hadiweya, chifukwa mitu imasiyana. Yambiri ili ndi nati ya theka la inchi mbali zonse ziwiri, koma ya mipope yosakaniza madzi otentha ndi ozizira ili ndi kamutu kowonda ka mazinga a M10 mbali yolowa mu mpope. Kutalika kofala ndi masentimita 30, 45 ndi 60. Sankhani yotsalako pang'ono kuti ipinde mozungulira bwino, osati yongokwanira ndendende.

M'sitolo, fulekisi yabwino ndi yachabe zimanyezimira mofanana, ndipo apa m'pofunika kuigwira m'manja. Yabwino imalemerako, luko lake ndi lothithikana moti labala saonekera mukaipinda, ndipo pa kachitsulo kofinya pamakhala podindidwa dzina la wopanga, muyezo kapena pulesha yake. Nati ikhale ya buraasi. Ngakhale yokutidwa ndi siliva, mukaikanda pang'ono m'kati imaoneka yachikasu. Yopepuka, yotuwa m'kati, ndi ija imathetheka. Ena amayesa ndi maginito, ndipo n'zoona kuti mawaya akakakamira mwamphamvu pa maginito ndi okayikitsa. Koma kusakakamira si umboni wa ubwino, popeza mawaya a aluminiyamu, amene amapezeka pa zotchipa kwambiri, nawonso sagwira maginito. Fulekisi yopanda chilembo chilichonse ine sindingaiike pa madzi otentha.

Pomanga, yambani ndi mbali ya mpope, kenako ya kukhoma. Kamutu ka M10 kali ndi timalabala take ndipo kamamangidwa ndi dzanja lokha. Nati ya theka la inchi imatseka madzi ndi washala wa m'kati mwake, osati ndi mazinga, choncho tepi yoyera ija siyofunika pamenepo. Kuikulunga yambiri kumangolepheretsa nati kufika pa washala. Mangani ndi dzanja mpaka italimba, kenako onjezerani ndi sipanala kota ya kuzungulira kumodzi, dzanja lina litagwira paipi kuti isazungulire nawo. Kukoka sipanala ndi mphamvu zonse kumaphwanya washala n'kuika mng'alu mu nati. Tsegulani madzi pang'onopang'ono, pukutani paliponse, kulungani kapepala ka kuchimbudzi pa nati iliyonse, n'kubweranso patatha ola kudzaona ngati kanyowa. Sinthani zonse ziwiri nthawi imodzi, chifukwa zinabadwa tsiku limodzi ndipo zapuma mpweya umodzi. Lembani mwezi ndi chaka m'kati mwa chitseko cha kabati, ndipo jiki mumupezere malo ena.

Ngati pakhoma palibe kavalavu, muuzeni pulambala aike pa fulekisi iliyonse tsiku lomwelo. Timavalavu timeneti timauma tikakhala osagwidwa, ndiye pa tsiku loyendera lija muzititseka n'kutitsegula kamodzi. Mufunseninso ngati ali ndi geji yoyezera pulesha. Amaimanga pa mpope wa panja, ndipo kuyeza kwabwino ndi kwa usiku kapena m'mamawa kwambiri. Ikamapitirira mabaa 6, valavu yochepetsa pulesha iteteza mafulekisi, giza ndi mipope yonse pamodzi.

Pochoka pakhomo kokagona, tsekani madzi pa mita ndipo zimitsani giza, kuti ingayake yopanda madzi n'kupsa. Ngati kuli wotsala wothirira maluwa amene akufuna mpope wa panja, tsekani timavalavu ta m'nyumba timodzitimodzi: tiwiri kukhitchini, tiwiri pa beseni, kamodzi kuchimbudzi, ndi ka makina ochapira ngati alipo.